Malembo asanu amene anandithandiza kusesa zinyalala, ndi tsiku limene anataya kasitomala

Malume anga amatumiza katundu wa anthu kumudzi kuchokera kuno ku Joni. Mafiriji, mabedi, malata, njinga, mabokosi omangidwa ndi tepi mpaka kuoneka ngati mwala, zonse amazilongedza m'ngolo n'kudutsa nazo pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete, mpaka kukalowa pa Mwanza. Kwa zaka zambiri ntchitoyi inkayenda ndi foni komanso kope lachikuto cholimba. Nditamaliza kosi ya zamakompyuta ndinawapangira kawebusaiti kokhala ndi fomu ya mipata itatu: dzina, kumene katundu akupita, ndi uthenga. Nambala ya foni inali ndi mpata wakewake.

Patangopita masabata ochepa, m'mawa wina ndili m'chipinda changa ku Rosettenville, malume anaimba.

"Mphwanga, kodi anthu awa ndi a dziko liti? Taona dzina ili. Ine lilime langa likukana."

Ananditumizira chithunzi. Pa dzina panalembedwa `xKqPzvTrLm`. Pa malo opita panalinso zofanana nazo, pa uthenga chimodzimodzi. Amenewa sanali anthu. Anali timapulogalamu toyenda tokha pa intaneti, timene timafufuza fomu iliyonse yotseguka n'kuthiramo malembo osokonekera. Malume ankadzuka n'kupeza mauthenga enieni atakwiririka pakati pa zinyalalazi, ndipo mantha awo anali akuti tsiku lina adzadumpha munthu amene akufuna kutumiza chimanga cha ana.

Chimene chinandikhudza n'chakuti malume, amene sadziwa kalikonse ka mapulogalamu, anazindikira zinyalalazo m'kuphethira kwa diso. Sanafunike dikishonale. Anangoyesa kutchula, lilime n'kukana. Funso langa linali lakuti: kodi chimene lilime lawo linamva ndingachisandutse nambala imene kompyuta ingawerengere?

Yankho loyamba lili m'kalasi ya Sitandade 1. Tonse tinaimba a, e, i, o, u, malembo a liwu. Pa malembo 26 a alifabeti, a liwu ndi asanu okha. Ndiye mukaika malembo onse m'thumba, n'kumatola limodzi, kulibwezera, kutolanso, lembo la liwu lizituluka kasanu pa maulendo 26 alionse, zimene ndi pafupifupi 19 pa 100. Umu ndi mmene pulogalamu yopeka malembo mwachisawawa imachitira. Koma pakamwa pa munthu sipagwira ntchito ngati thumba. Kuti mawu atuluke pamafunika liwu pafupipafupi, ndipo m'Chichewa lamuloli ndi lolimba kwambiri chifukwa phatikizo lathu limathera pa lembo la liwu: ka-tu-ndu, ku-tu-mi-za. N'chifukwa chake mawu obwereka timawavalika liwu kumapeto, buku, sukulu, foloko.

Ndinatenga uthenga wamba wonga umene makasitomala amalemba, n'kuuwerenga ndi pensulo: "Ndikufuna kutumiza katundu ku Mzimba mwezi uno." Mukachotsa mipata, muli malembo 40. A liwu ndi 18. Ndiye kuti 45 pa 100. Chingerezi chimakhala chotsikirapo, cha m'ma 38 mpaka 40 pa 100, komabe chili kutali ndi 19. Pakati pa 19 ndi 40 pali mpata waukulu, ndipo ndinaganiza kuti ndikaika mpanda pakati pake ndathana nazo. Pulogalamu yake ndi yaifupi kwambiri:

```python
def gawo_la_liwu(mawu):
    malembo = [c for c in mawu.lower() if c.isalpha()]
    if not malembo:
        return 0
    return sum(c in "aeiou" for c in malembo) / len(malembo)
```

Imachepetsa malembo onse kukhala ang'onoang'ono, imataya manambala, mipata ndi zizindikiro, kenako imagawa chiwerengero cha malembo a liwu ndi chiwerengero cha malembo onse. Ndinalamula kuti dzina lililonse lotsika pansi pa 25 pa 100 lifufutidwe pomwepo, lisafike n'komwe kwa malume. Kwa masiku angapo bokosi lawo linayera, ndipo anandiyamikira.

Kenako Loweruka lina, pamalo pamene malume amalongedzera katundu, panafika mnyamata wina atapsa mtima. Anali atadzaza fomu katatu konse, akufuna kutumiza makina osokera kwa mayi ake, koma palibe anamuimbira. Anachita kufunsa njira kwa anzake n'kukwera takisi kuchokera ku Alexandra. Malume anandiyang'ana.

"Iwe, sunati fomu ija ikugwira bwino ntchito?"

Ndinamufunsa mnyamatayo dzina limene analemba. Anati Bright. Ndinawerengera chamumtima ndipo mtima unangoti myu. Malembo 6, la liwu limodzi, 17 pa 100. Pulogalamu yanga inamuona ngati chinyalala ndipo inamufufuta katatu. Ndinapepesa, malume anamuchotserako mtengo, makina anapita. Koma usiku umenewo sindinagone msanga. Ndinkaganiza za ena amene mwina anafufutidwa n'kungopita kwa wina osabwera kudzadandaula.

Ndinakhala pansi n'kulemba mayina amene Amalawi timakonda. Blessings ali ndi malembo 9, a liwu awiri, 22 pa 100, nayenso akanafufutidwa. Gift ali pa 25 ndendende, wapulumukira pa mpanda penipeni. Ndinatembenukira ku mawu athu enieni, poganiza kuti kumeneko ndiye kulibe vuto, ndipo ndinakumana ndi ntchentche. Malembo 10, a liwu awiri okha, 20 pa 100, chimodzimodzi ndi zotola m'thumba. Mawu akuti mphwanga, amene malume amandiitanira tsiku ndi tsiku, ali pa 25. Ntchisi ndi Mchinji ali pa 29.

Chifukwa chake n'chosangalatsa kuchimvetsa. M'kamwa, ntchentche ndi maphatikizo awiri okha, ntche-ntche, lililonse lili ndi liwu lake monga mwa lamulo. Koma papepala timagwiritsa malembo anayi, n, t, c, h, polemba chiyambi cha phatikizo limodzi. Lembo h mu kh, ph ndi th silimveka palokha, limangosonyeza mpweya. Lembo w mu nkhw kapena mphw limamatirira kutsogolo kwake. Choncho kompyuta ikamawerengera malembo, ikuwerengera kalembedwe, osati katchulidwe. Lilime la malume linkayesa maphatikizo, pulogalamu yanga inkayesa zina.

Vuto lachiwiri ndinalipeza nditabwerera ku zinyalala zimene zinkadutsabe. Chimodzi chinali `hJuWqeRbaZ`. Chili ndi u, e ndi a, atatu pa khumi, 30 pa 100, ndipo chinalowa bwinobwino pamene Bright anatsekeredwa kunja. Apa nkhani ndi kutalika. Tikamati malembo achisawawa ali ndi 19 pa 100, tikunena za mulu waukulu. Pa malembo khumi okha mwayi umasewera kwambiri, monga mmene ndalama yachitsulo mukaiponya kanayi ikhoza kugwera mbali imodzi kanayi konse. Ndinachita masamu ake. Mpanda ukakhala pa 30 pa 100, mawu achisawawa a malembo 10 amaudumpha pafupifupi katatu pa maulendo khumi. Akakhala malembo 30, amaudumpha kamodzi pa khumi. Akafika malembo 100, sakwana n'kamodzi komwe pa maulendo 100. Ndiye kuti muyeso umenewu ndi wamphamvu pa chiganizo koma ndi wofooka pa dzina, ndipo ine ndinauika pa dzina, pamalo pamene uli wofooketsetsa. Mbali zonse ziwiri zimalakwika pamenepo: munthu weniweni amagwa, chinyalala chimadutsa.

Chinanso, zala za munthu sizili ngati thumba lija. Munthu akamangogogoda kiyibodi kuti adutse msanga, zimene zimatuluka zimadalira mzere umene zala zagwera. Mzere wapakati umapereka `asdfghjkl`, lembo la liwu limodzi pa 9, ndipo amagwidwa. Mzere wapamwamba umapereka `qwertyuiop`, mmene muli e, u, i ndi o, anayi pa khumi, 40 pa 100, ngati Chichewa chabwinobwino.

Apa ndi pamene ndinayamba kuyang'ana chizindikiro chachiwiri, kuchuluka kwa lembo lililonse palokha. Nzeru imeneyi ndi yakale. Katswiri wa ku Baghdad, Al-Kindi, analemba m'zaka za m'ma 800 kuti uthenga wobisika ukhoza kumasulidwa powerengera kuti chizindikiro chilichonse chabwera kangati, chifukwa chiyankhulo chilichonse chili ndi malembo amene chimawakonda. M'Chingerezi e ndiye mfumu, pafupifupi 12 kapena 13 pa 100, t akutsatira ndi 9, pamene z ndi q safika n'limodzi lomwe pa malembo 1,000 kapena amangoyandikira pamenepo.

Pa intaneti matebulo a Chingerezi oterewa ali mbwee, ndipo chiyeso chake n'chakuti ungotenga limodzi n'kuyamba kupimira. Ndisanatero ndinabwerera ku chiganizo changa cha malembo 40 chija. Lembo u labwera kasanu n'katatu. Malembo a, i, n, k ndi m abwera kanayi lililonse. Lembo z labwera katatu, e kamodzi kokha. Tebulo la Chingerezi likaona z atatu ndi e mmodzi pa malembo 40 likuwa kuti zimenezi ndi zachisawawa, chonsecho ndi mayi akufuna kutumiza katundu ku Mzimba. Ndimaona kuti ili ndiye dzenje lalikulu kwa ife amene ziyankhulo zathu sizinawerengedwe ndi anthu opanga zida zimenezi. Muyeso wopangidwira chiyankhulo china sumatiuza kuti sukutidziwa, umangotiika m'gulu la zinyalala mwakachetechete.

Tebulo la Chichewa lokha nalonso silikanakwana, chifukwa kuno ndi ku Joni. Ndikanakhala ku Dedza ndikanati q ndi x kulibe m'Chichewa, choncho aliyense wolemba malembo amenewa ndi wokayikitsa. Ndi chizindikiro champhamvu ndithu, pakuti mawu achisawawa a malembo 10 amakhala ndi q kapena x koposa theka la nthawi. Koma makasitomala a malume ena anakwatira kapena kukwatiwa konkuno, ndipo amene amadzaza fomu ndi Xolani kapena Nqobile. M'Chizulu ndi m'Chixhosa c, q ndi x ndi malembo a tsiku ndi tsiku, oimira maliwu aja oomba lilime. Ndikanatinso c amayenda ndi h nthawi zonse, monga mwa kalembedwe kathu ka ku Malawi, koma abale athu a ku Chipata amalemba cabwino ndi Cinyanja popanda h. Ngakhale funso loti lembo la liwu ndi liti limasintha ndi chiyankhulo. Munthu akalemba kuti katundu akatengedwe ku Wynberg, pafupi ndi Alexandra, pulogalamu yanga ikupeza e yekha pa malembo 7, chifukwa sidziwa kuti m'Chiafrikaansi y ndi lembo la liwu. M'mawu athu ngati nyanja, y yemweyo si wa liwu.

Chimene chinandithandiza ndi muyeso wosafunsa kuti lembo lokondedwa ndi liti, koma wongofunsa ngati pali lokondedwa n'komwe. Chiyankhulo chilichonse cha anthu chimakondera. Thumba silikondera. M'chiganizo chija, malembo 6 okha, u, a, i, n, k ndi m, atenga malo 28 pa 40, ndipo malembo osiyanasiyana onse alipo 14. Mukatola malembo 40 mwachisawawa mumapeza osiyanasiyana 20 kapena 21, atamwazikana mofanana. Katswiri wa zobisa mauthenga wa ku America, William Friedman, anaika zimenezi m'nambala imodzi m'zaka za m'ma 1920. Funso lake ndi ili: mukatseka maso n'kuloza malembo awiri m'chiganizo, mwayi woti akhale ofanana ndi wotani?

Kawerengedwe kake mukhoza kuchita pakope. Lembo lililonse, chulukitsani chiwerengero chake ndi chiwerengero chomwecho mutachotsapo chimodzi. Kwa u ndi 8 kuchulukitsa 7, zimene ndi 56. Malembo asanu aja obwera kanayi amapereka 12 lililonse, pamodzi 60. Lembo z limapereka 6, t ndi d amene abwera kawiri amapereka 2 aliyense, ndipo obwera kamodzi sapereka kanthu. Zonse pamodzi ndi 126. Gawani ndi 40 kuchulukitsa 39, yomwe ndi 1,560, mupeza 8 pa 100. Malembo achisawawa amapereka 1 pa 26, kuchepera pang'ono 4 pa 100. Chingerezi chimakhala pakati pa 6 ndi 7. Ubwino wake ndi wakuti sindifunika kudziwa ngati wolembayo ndi Mchewa, Mtumbuka, Mshona kapena Mzulu. Kuipa kwake ndi komwe kuja: pa malembo ochepa nambalayi imadumphadumpha kuposanso ya malembo a liwu, choncho pa dzina lokha ilibe ntchito.

Pali munthu winanso amene ndimamuganizira ndikamachita zimenezi. Mu 1913 katswiri wa masamu wa ku Russia, Andrey Markov, anatenga malembo 20,000 a ndakatulo yaitali ya Pushkin n'kuwawerengera pamanja, kusiyanitsa a liwu ndi opanda liwu. Anapeza a liwu 8,638, pafupifupi 43 pa 100. Koma chimene ankafuna kwenikweni chinali ndondomeko yake. Lembo lopanda liwu likadutsa, lotsatira linkakhala la liwu kawiri pa katatu. La liwu likadutsa, lina la liwu linkatsatira pafupifupi 13 pa 100 yokha. Malembo amasinthana, ndipo thumba silidziwa kusinthana. Kuchokera pamenepa ndinatenga lamulo losavuta loyang'ana utali wa mzere wa malembo opanda liwu otsatizana. M'Chichewa anayi ndi wamba, monga mu nkhwangwa. Asanu amapezeka, monga mu mnkhwani. Ndiye ndinaika kukayikira kuyambira pa 6.

Nditayesa malamulo atsopanowa pa mauthenga akale a makasitomala enieni, ndinapeza chinthu chimene ndikanayenera kuchidziwa kale, chifukwa nanenso ndimalemba choncho. Pa foni timameza malembo a liwu. Bwanji amasanduka `bwnj`, zikomo amasanduka `zkm`, ndipo munthu akasangalala amalemba `kkkkkkk`, malembo 7 opanda liwu otsatizana. Kuseka kwathu kukanatigwetsa. Choncho ndisanawerengere chilichonse, pulogalamu imayamba yapinda lembo lobwerezedwa katatu kapena kuposa kuti likhale limodzi. Za mawu ofupikitsidwawo palibe mankhwala enieni, kupatula kuti amasungunuka m'chiganizo chachitali.

Mmene zilili lero ndi motere. Mpata wa kumene katundu akupita ndinauchotsa m'nkhani yonseyi. Ndinkafuna kuuyesa ndi lamulo lakuti mayina a malo a kwathu amathera pa lembo la liwu, koma Nkhata Bay ndi Monkey Bay anandikumbutsa kuti si onse, ndipo ndinazindikira kuti njira yabwino ndi kungoika mndandanda wa maboma 28 kuti munthu asankhe. Pamene pali mndandanda palibe chifukwa chowerengera malembo. Dzina ndi uthenga ndimaziphatikiza kukhala chingwe chimodzi. Chingwecho chikachepera malembo 20, pulogalamu siweruza, imangopereka kwa malume. Chikapitirira, imayang'ana zinthu zitatu: ngati malembo a liwu atsika pansi pa 30 pa 100, ngati pali mzere wa opanda liwu wofika 6, ndiponso ngati nambala ya Friedman ili pansi pa 5 pa 100. Chizindikiro chimodzi sichikwanira. Pakapezeka ziwiri, uthengawo umapita m'bokosi lachiwiri.

Tiyese ndi Bright yemwe uja. Dzina lake ndi malembo 6, la liwu limodzi. Akalemba chiganizo chonga chija cha malembo 40, pamodzi ndi 46, a liwu 19, ndiye kuti 41 pa 100. Wadutsa popanda vuto, dzina lake lamira m'mawu ake omwe. Kapulogalamu kothira zinyalala, ngakhale katachita mwayi pa dzina ngati `hJuWqeRbaZ`, kayenera kuchitanso mwayi pa uthenga, ndipo malembo akamachuluka mwayiwo umatha.

Kusintha kwakukulu sikunali m'masamu. Palibenso chimene chimafufutidwa. Bokosi lachiwiri lilipo, ndipo Lachisanu lililonse madzulo ndimalitsegula n'kuyendetsa maso. Sizitenga mphindi zisanu, chifukwa diso la munthu limagwira `xKqPzvTrLm` msanga kuposa mmene lingawerengere dzina lenileni. Ndinasankha choncho nditayerekeza mitengo ya zolakwa ziwirizi. Chinyalala chikalowa m'bokosi loyamba, malume amataya masekondi awiri. Munthu akatayika, mayi wina ku Ntchisi amadikira makina osokera amene sakubwera.

Zinyalala zamtundu wina zimadutsabe, ndipo zidzadutsabe. Timapulogalamu tina sitipeka malembo, timalemba ziganizo zenizeni za Chingerezi zotsatsa ngongole kapena mankhwala. Malembo ake a liwu ali pa 39, kukondera kwake kuli bwino, mizere yake ndi yaifupi. Kuwerengera malembo kumangosiyanitsa chiyankhulo ndi phokoso, sikudziwa ngati wolankhulayo ali ndi cholinga chabwino. Zimenezo ndimazigwira ndi njira ina, mpata wobisika umene munthu sauona koma kapulogalamu kamaudzaza, komanso kukana uthenga wokhala ndi maadiresi a mawebusaiti.

Lachisanu lapitali m'bokosi lachiwiri ndinapezamo uthenga umodzi wa munthu. Unali wa bambo wina wolemba mofupikitsa kwambiri, pafupifupi mawu onse atamezedwa malembo a liwu, akufunsa mtengo wotumizira malata 30 ku Mchinji. Ndinautumiza kwa malume nthawi yomweyo, ndipo anamuimbira asanagone. Kenako ndinaukopera m'kafayilo kamene ndimasungamo mauthenga enieni amene pulogalamu inawakayikira, kuti ndikadzasinthanso mpanda uliwonse ndidzayambe ndauyesa pa iwowo.